Kudzimana chakudya sikuchepetsa thupi, kumangobwereka makilogalamu

Nyengo ya maukwati ikafika, komanso Januwale aliyense chikondwerero chikangotha, mkangano umodzimodzi umabukanso m'masaluni, m'maofesi ndi m'magulu a pa foni. Wina amalonjeza kuti atha kutsitsa makilogalamu 10 pa milungu itatu ndi tiyi wotsuka m'mimba. Wina wasiyiratu nsima, akungomwa madzi ofunda a mandimu m'mawa ndi kudya nkhaka madzulo. Amene wanena kuti izi n'zoopsa amauzidwa kuti ndi nsanje chabe, poti diresi lomwe linali kukana lalowa. Nkhaniyi si yachibwana, chifukwa kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu aliwonse m'Malawi anali wonenepa kupitirira muyeso, ndipo m'matauni anali oposa mmodzi mwa atatu. Ofuna kuchepetsa thupi akufuna chinthu choyenera. Koma ine ndikuti njira yodzimana chakudya mwadzidzidzi ndi yolephera kuyambira pa chiyambi pake, ndipo chomwe chimalephera ndi njirayo osati munthuyo. Imatsitsa madzi ndi minofu pamodzi ndi mafuta, imachepetsa mphamvu zomwe thupi limawotcha, imakulitsa njala, kenako imamusiya munthu wopanda kadyedwe koti apitirize nako. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa mlungu, uku ukudya nsima ndi ndiwo zokwanira, ndiko kumakhalitsa.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa sikelo imanamiza anthu ambiri. Titenge mayi wa zaka 35, wamtali masentimita 162, wolemera makilogalamu 85, wogwira ntchito yokhala pampando. Thupi lake, ngakhale atagona tsiku lonse osatembenuka, limawotcha makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu za m'chakudya, pafupifupi 1,500 kuti mtima ugunde, mapapo apume, chiwindi ndi impso zigwire ntchito, ubongo uganize ndiponso thupi likhale lofunda. Tikawonjezerapo kuyenda, kusesa, kuchapa ndi kugaya chakudya, pa tsiku amawotcha makalori ngati 2,100. Tsono mayiyu wayamba kudya makalori 700 okha: tiyi wopanda shuga, dzira limodzi, masamba owiritsa ndi chipatso. Pa tsiku akuperewera 1,400, pa mlungu 9,800. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Choncho ngakhale zonse zitayenda bwino kwambiri, mafuta omwe angachoke pa mlungu woyambawo sangapitirire kilogalamu imodzi ndi magalamu 300. Komabe akakwera pa sikelo tsiku lachisanu ndi chiwiri, apeza watsika ndi makilogalamu atatu kapena anayi. Enawo achokera kuti?

Gawo lalikulu ndi madzi. Thupi limasunga shuga wapafupi m'chiwindi ndi m'minofu, wotchedwa gilayikojeni, wokwana magalamu 400 mpaka 500, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Munthu akasiya nsima, mpunga ndi buledi, nkhokwe imeneyi imatha m'masiku ochepa ndipo madzi ake amatuluka ndi mkodzo. N'chifukwa chake oyamba kumene amakodza pafupipafupi. Pamenepo pachoka kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Mchere ukachepa m'chakudya madzi enanso amatsatira, ndipo matumbo omwe nthawi zonse amakhala ndi chakudya choyenda amakhala opanda kanthu. Zonsezi ndi zobwereka. Tsiku lomwe mayiyu adzadye nsima ya mgaiwa ndi nyemba, gilayikojeni adzabwerera ndi madzi ake, ndipo pa masiku awiri sikelo idzakwera ndi makilogalamu awiri. Iye adzaganiza kuti nsima ndiyo yamunenepetsa usiku umodzi, pomwe mafuta sanawonjezereke ngakhale pang'ono.

Gawo lachiwiri ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri, ndilo minofu. Ubongo umadya shuga wokwana magalamu ngati 120 pa tsiku, ndipo sungathe kuwotcha mafuta mwachindunji ngati mmene minofu imachitira. Shuga wa m'chiwindi akatha, zomwe zimachitika pa tsiku limodzi kapena kupitirirako pang'ono, chiwindi chimayamba kupanga shuga kuchokera ku mapuloteni. Ngati mapuloteniwo sakubwera ndi chakudya, chimawatenga m'minofu ya munthuyo. Pakapita masiku angapo chiwindi chimayamba kusandutsa mafuta kukhala makitoni omwe ubongo ungagwiritse ntchito, ndipo kuphwanya minofu kumacheperako, koma sikuleka. Apa pali chinthu chomwe otsatsa tiyi sanena. Mnofu ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi, choncho kilogalamu ya mnofu imapereka makalori ngati 1,000 okha, pomwe ya mafuta imapereka 7,700. Ndiye kuti thupi likamawotcha minofu sikelo imatsika mwaliwiro kwambiri kuposa likamawotcha mafuta. Kutsika kothamanga komwe anthu amakuwombera m'manja nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti zomwe zikupita si zomwe amafuna zipite. Zimaonekera pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Ndowa ya malita 20 yomwe ankaisenza osaganizira yayamba kulemera, akakwera chitunda miyendo imanjenjemera, manja ndi matako zafota koma mimba ikadalipo.

Ena amakokomeza nkhani ya minofu ponena kuti kilogalamu iliyonse yotayika imachotsa makalori mazanamazana. Si zoona. Kilogalamu ya mnofu ikamapuma imawotcha makalori ngati 13 pa tsiku, ya mafuta anayi kapena asanu. Kutaya makilogalamu awiri a minofu pakokha sikuzimitsa moto wa m'thupi. Vuto lake lili kwina. Minofu ndiyo imalandira shuga wochuluka wa m'magazi tikadya, ndiye amene akuchepetsa thupi poopa matenda a shuga akuphwasula chida chomwe chikadamuteteza. Komanso munthu wofooka amayenda pang'ono, ndipo kuyenda n'komwe kumawotcha makalori ochuluka. Chachitatu, minofu imachoka msanga koma imabwerera mochedwa, pomwe mafuta amabwerera mosavuta. Kuti liwiro lili ndi gawo pa zimenezi kunaoneka bwino ku Norway mu 2011, pomwe akatswiri a masewera anawagawa pawiri, onse akunyamula zitsulo. Omwe ankatsika ndi pafupifupi magalamu 700 pa makilogalamu 100 aliwonse pa mlungu anawonjezera minofu uku mafuta akuchepa, pomwe omwe anauzidwa kutsika mwaliwiro lowirikiza kawiri sanawonjezere kanthu.

Tsopano za metabolizimu, kutanthauza kuchuluka kwa mphamvu zomwe thupi limawotcha. Aliyense amene anakhalapo m'banja m'mwezi wa Febuluwale nkhokwe itatsala pang'ono kuuma amadziwa zomwe mayi wanzeru amachita. Amachepetsa ufa pa mphika, amachepetsa makala pa mbaula, ndipo ana amauzidwa kuti asathamangethamange. Thupi limachita chimodzimodzi, ndipo silidziwa kusiyanitsa chilala ndi ukwati wa Loweruka likudzalo. Umboni wakale koma wolimba unachokera ku yunivesite ya Minnesota ku Amereka mu 1944 ndi 1945, pomwe wasayansi Ancel Keys anayang'anira amuna 36 odzipereka okha. Atadya makalori oposa 3,000 pa tsiku kwa miyezi itatu, anawatsitsira pafupifupi 1,570 kwa milungu 24, uku akuyenda makilomita 35 pa mlungu. Anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, ndipo mphamvu zomwe matupi awo ankawotcha popuma zinatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse. Mbali ina ya kutsikako inali chifukwa thupi laling'ono limafuna zochepa, koma mbali ina inali thupi kudzichepetsera moto mwadala. Mtima unkagunda pang'onopang'ono, ankamva kuzizira ngakhale nyengo yotentha, ndipo ankapewa kuyenda kulikonse kosafunikira. Maganizo awo onse anali pa chakudya. Atawamasula, ena ankadya makalori oposa 5,000 pa tsiku osakhuta, ndipo mafuta a m'thupi anabwerera mpaka kupitirira pomwe anali poyamba minofu isanabwerere yonse. Ndivomereze kuti amunawa sanali onenepa poyamba, choncho anataya minofu yambiri kuposa mmene wonenepa angatayire. Koma taonani kuti 1,570 ndi kawiri kuposa zomwe mayi wathu uja akudya.

Kwa onenepa kwambiri umboni unabwera mu 2016. Wasayansi Kevin Hall ndi anzake anatsatira anthu 14 omwe anachita nawo mpikisano wa pa kanema ku Amereka wochepetsa thupi mwa kudya pang'ono ndi kuchita masewera olimbitsa thupi maola ambiri. Pa milungu 30 anataya, pa avereji, makilogalamu ngati 58 pa munthu. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, makilogalamu ngati 41 anali atabwerera, ndipo matupi awo popuma ankawotcha makalori ochepera ndi pafupifupi 500 pa tsiku poyerekeza ndi mmene zimayembekezekera kwa munthu wa msinkhu ndi thupi lotero. Kumeneko kunali kuchepetsa kopyola muyeso, ndipo kwa munthu wotaya makilogalamu asanu kapena khumi kutsikako kumakhala kochepa ndithu. Sikuti metabolizimu imawonongekeratu ayi, monga ena amaopsezera. Koma njira yake ndi yomweyo: pamene ukukoka mwamphamvu, thupi nalo limakoka mwamphamvu.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri kuposa metabolizimu ndi njala. Mafuta a m'thupi amatulutsa homoni yotchedwa leputini, yomwe imauza ubongo kuti nkhokwe ili bwino. Munthu akadzimana, leputini imatsika msanga, mafuta asanachepe n'komwe. Nthawi yomweyo m'mimba mumatuluka gerelini wochuluka, homoni yoitanira chakudya. Ku Melbourne m'dziko la Australia, m'kafukufuku wa 2011, anthu omwe anadya zochepa kwambiri kwa milungu 10 anataya makilogalamu oposa 13, ndipo patatha chaka chathunthu gerelini anali akadali wokwera, leputini akadali wotsika, ndipo iwo ankamva njala kuposa asanayambe. Gulu la Hall linawerengeranso kuti pa kilogalamu iliyonse yomwe munthu wataya, chilakolako cha chakudya chimakwera ndi makalori ngati 100 pa tsiku, pomwe zowotcha zimatsika ndi 20 mpaka 30. Mayi wathu akataya makilogalamu asanu ndi imodzi, thupi limamupempha makalori 600 owonjezera tsiku lililonse. Akafika pa phwando la ukwati lija ndi njala ya milungu itatu, mpunga wa nkhuku uli patsogolo, sitiyenera kudabwa ndi zomwe zimatsatira, ndipo pofika Khirisimasi ali pa 86 kapena 87, ndi minofu yocheperako kuposa kale.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina ndi zolimba. Yoyamba ndi yakuti anthu amafuna kuona zotsatira msanga kuti alimbe mtima, ndipo theka la kilogalamu pa mlungu silioneka ngakhale pa kalilole. Izi n'zoona, ndipo ambiri amasiya njira yapang'onopang'ono chifukwa chotopa kudikira. Koma yankho lake ndi kusintha choyezera, osati kuwonjezera njala. Kulemera kwa munthu kumatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa tsiku chifukwa cha mchere, kudzimbidwa kapena msambo, ndiye kuyeza kamodzi sikunena kanthu. Yezani m'mawa mutachokera kuchimbudzi, musanadye, katatu pa mlungu, n'kuyerekeza mwezi uno ndi mwezi watha. Tengani tepi ya telala muyeze chiuno pa mchombo milungu iwiri iliyonse. Chiuno chikamachepa mphamvu zili zomwezo, ndiye kuti akuchoka ndi mafuta. Kulimba mtima kochokera ku madzi otayika kumatha tsiku lomwe madziwo abwerera, ndipo kumasiya munthu akudziona ngati wolephera.

Mfundo yachiwiri ndiyo yolemera koposa, ndipo ndiyenera kuipatsa malo ake. Ku Melbourne komweko mu 2014, anthu pafupifupi 200 anagawidwa pawiri. Ena anachepetsa thupi mwachangu pa milungu 12, ena pang'onopang'ono pa milungu 36. Mwa achangu, pafupifupi 8 mwa 10 anafika pa mulingo womwe unaikidwa, pomwe mwa odekha anali theka lokha. Patapita zaka pafupifupi zitatu, magulu onse awiri anali atabweza pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya zomwe anataya. Ndiponso ku Scotland ndi kumpoto kwa England, odwala matenda a shuga anapatsidwa chakudya chamadzimadzi cha makalori opitirira pang'ono 800 pa tsiku kwa miyezi itatu mpaka isanu, ndipo patatha chaka pafupifupi theka la iwo shuga wawo anali atatsika mpaka osafunanso mankhwala. Ndiye wina anganene kuti liwiro lilibe mlandu. Ndikuvomera kuti liwiro palokha si ndilo gwero lonse la vuto. Koma tiyang'ane chomwe anthu amenewa ankamwa. Zinali zakudya zopangidwa mwadala, zokhala ndi mapuloteni okwanira, mavitamini ndi mchere wa m'thupi woyezedwa bwino. Anali m'manja mwa anamwino ndi akatswiri a kadyedwe omwe ankawayeza kawirikawiri. A matenda a shuga aja anawaimitsa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi pa chiyambi pomwe, moyang'aniridwa, kenako anawabwezera pa chakudya wamba pang'onopang'ono kwa milungu ingapo ndi kupitiriza kuwaona mwezi ndi mwezi. Chimenecho ndi chithandizo cha kuchipatala. Madzi a mandimu ndi nkhaka alibe mapuloteni, alibe womuyeza munthu, ndipo alibe dongosolo la tsiku lotsatira. Pamene zoterezi zinachitika popanda chisamaliro, monga ku Amereka cha m'ma 1977 pomwe kunatchuka chakumwa cha mapuloteni osakwanira, anthu makumi angapo anafa mtima utasokonezeka kagundidwe. Phunziro lenileni la ku Melbourne ndi lakuti nkhondo yaikulu imayamba kutsika kukatha. Pamenepo amene anatsika akudya nsima yocheperako ndi ndiwo zambiri ali ndi kadyedwe koti apitirize, pomwe amene anatsika ndi njala alibe kobwerera kupatula mbale yomwe inamunenepetsa ija.

Mfundo yachitatu imati ndi nkhani ya kudziletsa basi, ndipo amapereka chitsanzo cha anthu osala kudya m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Kusala kwa chipembedzo kuli ndi cholinga chake ndipo sindikukutsutsa. Koma osala pa Ramadani amadya dzuwa likalowa ndi mbandakucha, ndipo kawirikawiri kilogalamu imodzi kapena ziwiri zomwe amataya zimabwerera m'milungu yochepa mwezi ukatha. Kudziletsa kumatheka kwa masiku owerengeka okhala ndi mapeto. Njala yoyendetsedwa ndi mahomoni ilibe tsiku lomaliza, ndipo kuuza munthu kuti ailimbe mtima kwa zaka kuli ngati kumuuza kuti achepetse kupuma.

Yachinayi ndi ya tiyi wotsuka m'mimba, ndipo iyi siifuna mawu ambiri. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi masamba a sena kapena zina zotsegula m'mimba ndi zokodzetsa. Sena amagwira ntchito m'matumbo aakulu, pomwe makalori amakhala atayamwidwa kale m'matumbo aang'ono. Chotuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, makamaka potaziyamu, yemwe mtima umadalira kuti ugunde molongosoka. Womwa kwa nthawi yaitali amamva chizungulire akaimirira, minofu imakokana usiku, ndipo akasiya amadzimbidwa ndi kutupa mapazi, zomwe zimamubwezera ku tiyi yemweyo. Kwa amene ali pa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, makamaka okodzetsa, kuphatikiza ziwirizi n'kuseweretsa moyo. Kutsuka magazi ndi ntchito ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira popanda tiyi.

Palinso zina zomwe zimabwera mochedwa mwakuti munthu sazilumikiza ndi kudzimana kuja. Kutsika mopitirira kilogalamu imodzi ndi theka pa mlungu kwa milungu ingapo kumachulukitsa mwayi wa timiyala ta mu ndulu, chifukwa chiwindi chimathira kolesiterolo wambiri, yemwe ndi mtundu wa mafuta, mu ndulu pomwe thumba lake silikufinyika poti m'chakudya mulibe mafuta. Zimadziwika ndi ululu waukulu kumanja pansi pa nthiti, makamaka munthu akadya zonona. Tsitsi limathothoka patapita miyezi iwiri kapena itatu, msambo umasokonezeka kapena kuima, ndipo amene akumwa mankhwala a shuga monga insulini atha kukomoka shuga atatsika kwambiri. Mayi woyembekezera, woyamwitsa kumene, mwana amene akukula ndi aliyense amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali asachepetse chakudya asanalankhule ndi a chipatala.

Mfundo yomaliza ya otsutsa ndi yakuti njira yodekha ndi ya anthu a ndalama, ogula nyama, zipatso zodula ndi kulipira malo ochitira masewera. Tibwerere kwa mayi wa makilogalamu 85 uja tione ngati zili choncho. Cholinga ndi kuchotsa makalori ngati 500 pa 2,100, kuti azidya pafupifupi 1,600. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori 120. Ngati gawo lake la mafuta a m'ndiwo, m'chipisi cha pachiwaya ndi m'mandazi lichepa ndi masupuni awiri pa tsiku, achoka 240. Botolo la theka la lita la chakumwa chotsekemera lili ndi oposa 200. Masupuni aang'ono anayi a shuga ochotsedwa mu tiyi ndi 65 kapena kuposerapo. Zitatu izi zokha zakwanitsa kale 500, nsima asanaikhudze, ndipo zonse ndi zopulumutsa ndalama. Ngati samwa zotsekemera, ndiye achotse mtanda umodzi wa nsima pa itatu ya madzulo, pakuti mtanda wapakati uli ndi makalori oposa 200, n'kudzaza malowo ndi mpiru, chisoso, bonongwe kapena nkhwani. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera chifukwa cha gaga. Mafuta ayezedwe ndi supuni, osati kupendeketsa botolo, chifukwa dzanja limathira ochuluka kuposa mmene mwini wake amaganizira.

Kenako ateteze minofu, ndipo apa pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi mapuloteni, omwe kwa mayi ngati uyu ayenera kufika magalamu ngati 90 pa tsiku, ogawidwa katatu osati kuunjika madzulo. Mazira awiri amapereka 12, kapu ya mkaka 8, kapu ya nyemba, nandolo kapena khobwe wophika 11 mpaka 15, usipa kapena matemba ouma odzaza manja awiri oposa 20, soya pisi wouma wa magalamu 30 amapereka ngati 15, ndipo nsima, masamba ndi nsinjiro pang'ono zimamaliza zotsalazo. Mapuloteni amakhutitsanso kuposa zakudya zina, choncho amathandiza pa njala ija. Chachiwiri ndi kupatsa minofu ntchito yolemera kawiri kapena katatu pa mlungu, chifukwa thupi limasunga chomwe likugwiritsa ntchito. Kukhala pampando ndi kuimirira osagwira ndi manja maulendo 12, kukankha khoma kapena m'mphepete mwa tebulo lolimba maulendo 10, kunyamula zigubu za malita asanu kuchokera pansi kufika pa mapewa, zonsezi kuzibwereza katatu, zimatenga mphindi 20. Zikayamba kupepuka, awonjezere kulemera. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, monga kutsika minibasi siteji imodzi isanakwane kapena kusiya kabaza pa mtunda waufupi, kumathandiza makamaka kuti zomwe zachoka zisabwerere. Tulo nato tisachepe, popeza wogona maola asanu amadzuka ndi njala yochuluka kuposa wogona asanu ndi awiri.

Pa masamu ouma, 500 pa tsiku ndi 3,500 pa mlungu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi zikadakhala makilogalamu 12. Zenizeni zimakhala pakati pa 7 ndi 9, chifukwa nayo njira yodekha siithawa malamulo a thupi. Thupi la makilogalamu 78 limawotcha zochepa kuposa la 85, ndipo njala imakwerako ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti kukoka kwa thupi kumakhala kwa mulingo woti munthu atha kukupirira uku akugwira ntchito, akuphikira banja ndi kudya nawo pa mphasa imodzi. Ndipo makilogalamu 7 pa 85 ndi opitirira 8 pa 100 iliyonse, pomwe kutaya 5 mpaka 10 pa 100 kumakwanira kale kutsitsa shuga wa m'magazi, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'chiwindi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako kuli ndi nambala yake.

Cha m'mwezi wachinayi kapena wachisanu sikelo idzaima, ndipo apa ndi pomwe ambiri amathamangira ku njala. Kuima kwa milungu iwiri si kanthu, kawirikawiri ndi madzi. Kukapitirira milungu inayi chiuno nacho chisakusintha, choyamba ndi kulemba zonse zolowa m'kamwa kwa masiku atatu, kuphatikizapo thobwa la kwa aneba, mtedza wokazinga wa pa ntchito ndi zolawa pophika, chifukwa nthawi zambiri mitanda imakhala itakula mwakachetechete. Ngati zonse zili m'malo, achotse makalori ena 100 mpaka 150 okha, kapena awonjezere mphindi 15 pa kuyenda. Akafika pomwe amafuna, asabwerere ku mbale yakale. Awonjezere pang'ono, monga theka la mtanda pa tsiku, ayang'ane sikelo kwa milungu iwiri, n'kudziikira malire a makilogalamu awiri: ikadutsa pamenepo, abwerere ku muyeso wochepetsera uja nthawi yomweyo asanafike asanu. Koma amene akuonda asanasinthe kadyedwe, kapena akutsika mopitirira kilogalamu pa mlungu akudya monga mwa masiku onse, makamaka ngati pali ludzu losatha, kukodza usiku, chifuwa chokhalitsa kapena thukuta la usiku, apite akayezetse shuga, chifuwa chachikulu ndi magazi mlungu womwewo.